Mwatumiza miyezo kwa telala pa foni, malaya abwera osakukwanani: kupeza pomwe palakwika

Ndimasoka pakhonde la sitolo ina ku Limbe, ndipo masiku ano anthu ambiri amene ndimawasokera sindiwakhudza n'komwe ndi tepi. Kukayandikira chinkhoswe kapena ukwati, akomiti amabweretsa nsalu yonse pamodzi, koma eni malaya ali ku Lilongwe, ku Mzuzu, ena ku Joni. Chimene chimandifika ndi uthenga wa pa WhatsApp wa manambala anayi: chifuwa, chiuno, mkono, kutalika. Pa tsiku loyesa m'pamene pamabuka milandu. Mwini malaya amati telala waononga nsalu, telala amatulutsa foni n'kunena kuti ndasoka zimene munalemba. Nthawi zambiri onse awiri amakhala akunena zoona.

Nambala payokha siuza telala chilichonse. "Chifuwa 44" ingakhale thupi la munthu, ingakhalenso malaya ake akale. "Mkono 34" ingayambire paphewa, ingayambirenso kumbuyo kwa khosi. Nambala yolakwika kwambiri siopsa, chifukwa telala aliyense amaiona n'kuimba foni. Yoopsa ndi ija yolakwika koma yooneka ngati yoona, chifukwa imadutsa mwakachetechete mpaka sizasi italowa m'nsalu.

Zinandionekera ine ndemwe ndi alamu anga amene amagwira ntchito ku Joni. Uthenga wawo unali wotere: "Alamu, chifuwa 44, chiuno 34, mkono 34, kutalika 72. Mundisokere yabwino, ndifika Lachinayi." Manambala awiri omalizawo ndinawagwira msanga. Palibe munthu wa mkono wa mainchesi 34 kuchokera paphewa, ndipo malaya a mainchesi 72 angakwekwerezeke pansi. Nditawafunsa anati 34 ya mkono anaiwerenga pa kolala ya shati ya kusitolo, ndipo 72 anaiwerenga kumbali ya masentimita chifukwa tepi inatembenuka. Tinakonza. Koma 44 ya chifuwa ndi 34 ya chiuno ndinazilandira osafunsa. Ndinali ndi malaya ambiri a ukwati womwewo, ndiponso m'maso mwanga ndinkaonabe mnyamata wa kachiuno kakang'ono amene anachoka kuno zaka zinayi zapitazo, amene ankati wayamba kunyamula zitsulo. Ndinaonjezera mainchesi 4 pachifuwa, 5 pachiuno, n'kudula. Lachinayi lija malaya anali ngati thumba la chimanga kumtunda, koma pamimba mabatani akukokana. Chifuwa chawo chenicheni chinali 40, mimba 38.

Musanayambe kukangana, yezani malayawo

Mangani mabatani onse, yalani malaya patebulo, muwasalaze ndi manja osawakoka. Yezani kuchokera kukhwapa lina kufika kukhwapa linzake, muchulukitse kawiri. Chitaninso chimodzimodzi pakati pa malaya, pomwe pamakhala mchombo. Yezani mkono kuchokera pamsoko wa paphewa kufika kumapeto, kenako kumbuyo kuchokera pansi pa kolala kufika kumpendero. Lembani manambalawa pambali pa aja munatumiza. Mukatero, wina akuyezeni thupi pamalo omwewo. Mizere itatuyi, uthenga, malaya ndi thupi, ndi imene imaulula wolakwa.

Ngati malaya akufanana ndendende ndi uthenga koma akuthina, ndiye kuti telala sanaonjezere mpata. Ngati malaya aposa uthenga ndi mainchesi 4 kapena 5 ndipo akukhwepa, mpata waikidwa kawiri. Ngati uthenga sukugwirizana ndi thupi lanu, vuto linayambira kunyumba kwanu. Ngati uthenga ukugwirizana ndi thupi, munalembanso momveka kuti ndi thupi, koma malaya ali kwina, apo ndi telala kapena nsalu yafupika pochapa.

Chifuwa: mwayeza thupi kapena malaya?

Apa m'pamene pamagona milandu yambiri, choncho ndikhalapo pang'ono. Malaya a nsalu yosatamuka, monga chitenje kapena nsalu wamba ya shati, sangakhale ofanana ndi thupi. Munthu amapuma, amakweza manja, amawerama. N'chifukwa chake telala amaonjezera mpata umene ife timati alawansi. Pa chifuwa cha mainchesi 40, malaya ogwira thupi amatuluka 43 kapena 44, malaya wamba 44 mpaka 46. Kuonjezera kumeneku ndi ntchito ya telala, ndipo amachita mwachizolowezi, osaganiza n'komwe, ngati mmene mayi amathirira mchere m'ndiwo.

Tsono taonani zimene zimachitika. Inu mwatenga shati imene imakukhalani bwino, mwaiyala, mwapeza 22, mwachulukitsa kawiri, mwatumiza 44. Mu 44 imeneyo mpata ulimo kale. Telala akuyesa ndi thupi, akuthiranso mchere wake, malaya akutuluka 48. Ndi zimene ndinawachita alamu anga. Chizindikiro chake n'chosavuta: nsalu imalendewera pansi pa khwapa, kumbuyo kumafufuma, ndipo mukatsina mbali zonse ziwiri mumagwira nsalu yodzaza dzanja. Kolala ndi mapewa zingakhale bwinobwino, vuto lili m'mbali mokha.

Kulakwa kwina kumayenda chammbuyo. Mwayezetsa thupi molondola, mwatumiza 40, koma telala wazolowera anthu otumiza miyezo ya malaya, ndiye wadula 40 yomweyo. Malaya otere mabatani amamangika mwa nkhondo kapena osamangika n'komwe. Pakati pa batani ndi batani pamayasamula, nsalu imapanga mizere yopingasa kuchokera kukhwapa, ndipo mukatambasulira manja kutsogolo mumamva msoko wakumbuyo ukulira.

Palinso anthu osamala kwambiri amene amayeza thupi, n'kuonjezera okha mainchesi awiri "kuti asathine", osauza aliyense. Chonde, musatithandize motero. Ngati mukufuna malaya omasuka, tumizani nambala yeniyeni ya thupi, n'kulemba m'mawu kuti mumakonda omasuka.

Enanso amatumiza 22 ya theka lija osachulukitsa. Iyi siivuta pachifuwa cha munthu wamkulu, timaizindikira. Imavuta pa malaya a ana, chifukwa 22 ingakhale chifuwa chonse cha mwana wamng'ono kapena theka la malaya a bambo ake, ndipo mauthenga a banja limodzi amabwera pa foni imodzi.

Kayezedwe ka thupi nakonso kali ndi misampha yake. Musadziyeze nokha. Munthu akamazunguliza tepi kumsana kwake amakweza mapewa, chifuwa chimatukuka, ndipo tepi imatsetsereka kumbuyo osaiona. Pezani wina. Valani vesiti kapena sikipa yopyapyala, osati juzi. Kwezani manja kuti tepi ilowe kukhwapa, kenako muwatsitse, ndipo aziwerenga manja ali pansi. Tepi idutse pamawere kutsogolo ndi pamafupa a kumsana, ikhale yowongoka kuzungulira konse. Igwire thupi koma isalowe m'mnofu, chala chimodzi chizitha kulowa pansi pake. Pumani monga mwa masiku onse. Amuna akaona tepi amakhala ngati asilikali pa perete, ndipo mpweya umenewo wokha ungasinthe nambala ndi inchi kapena kuposa.

Chiuno cha malaya si chiuno cha thalauza

Mukafunsa mwamuna chiuno chake, amakuuzani nambala ya thalauza. Koma thalauza ambiri amavalira pansi pa mimba, pomwe malaya amayenera kuzungulira mimba yeniyeniyo. Munthu wa thalauza ya 34 akhoza kukhala ndi mimba ya 38 kapena 40, ndipo sananame, wangoyankha funso lina. Komanso nambala yolembedwa mkati mwa thalauza nthawi zambiri imachepa poyerekeza ndi imene tepi ingaonetse pa thalauza yomweyo.

Malaya olakwika chiuno amadziwika mukakhala pampando. Mutaimirira amaoneka bwino ndithu, koma mukangokhala, mabatani awiri a pamchombo amatseguka kukamwa, vesiti n'kuonekera. Pa ukwati anthu amakhala nthawi yaitali kuposa imene amavina, ndiye poyesa malaya khalani pansi.

Yezani pomwe mimba yakula kwambiri, kawirikawiri pamchombo kapena pamwamba pake pang'ono, mimba mutaimasula, osaibweza mkati. Ngati mimba ndi yaikulu ndithu, yezaninso mutakhala ndipo mutumize manambala onse awiri. Mukawerenga uthenga wanu musanautumize, yerekezani chifuwa ndi chiuno. Kwa amuna ambiri akuluakulu ziwirizi zimasiyana pang'ono, ndipo kwa ena mimba imaposa chifuwa. Kusiyana kwa mainchesi 10 ngati kuja kwa alamu anga kumayenera kuimitsa munthu n'kufunsanso. Ine sindinaime, ndipo mlandu umenewo ndi wanga.

Mimba yaikulu imabweretsanso vuto lachiwiri limene anthu amalinamizira kutalika. Nsalu yakutsogolo imayenda ulendo wautali kukwera mimba n'kutsika, choncho mpendero wakutsogolo umanyamuka pamene wakumbuyo uli pamalo pake. Telala akadziwiratu amatalikitsa kutsogolo ndi inchi imodzi kapena kuposerapo. Manambala anayi aja sangamuuze zimenezi, koma chithunzi chojambulidwa chammbali chimamuuza.

Mkono: tepi inayambira pati?

Pali njira ziwiri zoyezera mkono, ndipo zimasiyana ndi mainchesi pafupifupi 9. Matelala a kuno timayambira pansonga ya phewa, pomwe mkono umalumikizana ndi malaya, ndipo kwa mwamuna wa msinkhu wapakati timapeza 24 kapena 25. Koma mashati ena a kusitolo ndi a pa kaunjika amalembedwa manambala awiri pakolala, monga 16/34. Yoyambayo ndi khosi. Yachiwiriyo ndi mkono woyezedwa kuchokera pakati pa khosi kumbuyo, kudutsa paphewa, kutsika mpaka kudzanja. Kuti mupeze nambala ya telala wa kuno, chotsani theka la mapewa. Mapewa a alamu anga ndi 18, theka lake 9, ndiye 34 kuchotsa 9 kutsala 25.

Kusokonezeka kumeneko n'kwakukulu moti sikubisika. Zobisika ndi zing'onozing'ono izi.

Choyamba ndi kuyeza mkono utawongoka ngati ndodo. Chigongono chikapindika chimadya nsalu, ndiye malaya amaoneka okwana manja ali pansi koma mukagwira chiwongolero kapena kunyamula foni, mkono umathawira kumtunda kwa wotchi. Yezani mkono utapindika pang'ono, tepi idutse kunja kwa chigongono, ikathere kungopitirira kafupa ka pamfundo ya dzanja.

Chachiwiri ndi kafu, kansalu kokhala ndi batani kumapeto kwa mkono. Mulifupi mwake ndi mainchesi pafupifupi awiri ndi theka. Woyeza malaya akale akalekezera pomwe kafu yayambira, mkono umatuluka waufupi ndi mlingo womwewo. Lembani kuti "pamodzi ndi kafu".

Chachitatu n'chimene chimapusitsa ngakhale matelala. Mkono umaoneka waufupi, koma mukauyeza ukukwana 25 monga munalembera. Yang'anani msoko wa paphewa. Ngati wakwera chakukhosi m'malo mokhala pansonga ya phewa, vuto si mkono ayi, ndi mapewa ochepa. Uthenga wa manambala anayi ulibe mapewa, ndiye telala amangoganizira potengera chifuwa. Akaganizira 17 pomwe anu ndi 18, mkono uliwonse umakokedwa m'mwamba ndi theka la inchi. Akaganizira zochuluka, msoko umagwera pansi pa phewa, mkono n'kuphimba dzanja. N'chifukwa chake ndimati manambala anayi sakwana. Mapewa yezani kumbuyo, kuchokera pafupa la nsonga ya phewa lina kufika linzake, tepi itsatire kupindika kwa msana pansi pa khosi.

Pa malaya a mikono yaifupi, nambala imakhala cha m'ma 9 kapena 10. Nenani m'mawu kuti ndi yaifupi, ndipo muonjezere kukula kwa mkono pomwe pali nyama yambiri, chifukwa mkono waufupi wothina umaoneka msanga kuposa chilichonse.

Kutalika

Apa mafunso ndi awiri okha. Tepi inayambira kumbuyo pansi pa kolala, kapena kutsogolo paphewa pafupi ndi khosi? Ndipo malayawo ndi opisira kapena ongovala pamwamba? Opisira amafuna mchira wautali, cha m'ma 30 kapena 31 kwa munthu wa msinkhu wapakati, apo ayi amasololoka mukangokweza manja. Ongovala pamwamba, monga malaya ambiri a chitenje, amathera chapakati pa zipi ya thalauza, cha m'ma 27 mpaka 29. Mukayeza malaya akale musaphatikize kolala, imaonjezera nsalu imene ilibe ntchito pa nambalayi.

Ngati malaya anali bwino tsiku loyamba koma afupika mutachapa, miyezo inalibe vuto. Nsalu ya thonje yatsopano imabwerera ikakumana ndi madzi. Ikangobwerera ndi magawo atatu pa 100 alionse, malaya a mainchesi 30 ataya pafupifupi inchi yathunthu, ndipo mkono nawo wataya. Nsalu iviikidwe, iume, isitidwe, kenako idulidwe. Pa chipwirikiti cha ukwati matelala ambiri timalumpha sitepe imeneyi, ndiye ichapeni nokha musanaipereke kapena muilembe mu uthenga.

Pamene manambala onse alakwika mofanana

Zikatere musakayikire munthu, kayikirani tepi. Tepi ya telala imakhala ndi mainchesi mbali ina, masentimita mbali ina, ndipo inchi imodzi ndi masentimita 2.54. Matelala ambiri kuno timaganiza m'mainchesi. Ngati yanu ndi masentimita palibe vuto, tisintha, bola mulembe ndipo musasakanize mu uthenga umodzi. 72 ya alamu anga inali mainchesi 28 ndi pang'ono. Pomwe pamavuta ndi pa manambala okhoza kukhala mbali zonse: 40 ndi khosi labwinobwino m'masentimita, ndiponso ndi chifuwa chabwinobwino m'mainchesi; 24 ndi mkono wautali m'mainchesi, ndiponso mkono waufupi m'masentimita.

Pali mtundu wina wa tepi umene umapezeka m'timabokosi totchipa ta singano ndi ulusi tochokera ku China. Mbali imodzi ili ndi masentimita, mbali inayo ili ndi manambala akuluakulu ooneka ngati mainchesi, koma ndi muyezo wa Chitchaina umene gawo lake limodzi ndi masentimita 3.3 ndi pang'ono. Chifuwa cha mainchesi 40 pa tepi yotere chimawerengeka 30 ndi theka, mkono wa 25 umawerengeka 19. Bambo wamkulu akanditumizira manambala onse ngati a mwana wa sitandade 6, ndimadziwa kuti ndi tepi imeneyi. Kuizindikira n'kosavuta. Tepi ya masentimita 150 mbali ya mainchesi imathera pa 59 kapena 60. Ikathera pa 45, si mainchesi.

Tepi yakale ya nsalu kapena pulasitiki imatamukanso, ndipo ina nsonga yake inaduka kalekale. Iyeseni pa pepala la A4: mulifupi ndi masentimita 21, mulitali 29.7. Ngati mulibe tepi ya telala, musazungulize thupi ndi tepi yachitsulo ya amisiri omanga, siipindika motsata thupi. Tengani chingwe chosatamuka, muzungulize, muike chizindikiro ndi cholembera, kenako muchiyale pa tepi yachitsuloyo kapena pa rula ya mwana wa sukulu.

Palinso nkhani ya timizere. Pa matepi ambiri a telala inchi imagawidwa patimizere 8, osati 10. Munthu amaona 15 ndi timizere tinayi, n'kulemba 15.4, pomwe zoona zake ndi 15 ndi theka. Wina amalemba 17.6 kutanthauza timizere 6, komwe ndi 17 ndi makota atatu. Pachifuwa kusiyana kotere sikupha munthu, koma pakhosi ndi pakafu kumamveka. Lembani m'mawu, "15 ndi hafu". Ndipo miyezo isatumizidwe pa uthenga wa mawu. Pakhonde pano pamadutsa maminibasi, makina akulira, ndipo fotini ndi fote, kapena fifitini ndi fifite, zimamveka chimodzimodzi.

Uthenga umene sufuna kuimbirana foni

Alamu anga atabwerera ku Joni anafunanso malaya ena, ndipo ulendo uno tinagwirizana kalembedwe. Uthenga wawo unafika motere:

Alamu, iyi ndi miyezo ya THUPI, m'mainchesi, sindinaonjezere kalikonse. Wandiyeza ndi mnzanga, nditavala vesiti.
Khosi: 15 ndi hafu
Mapewa, kumbuyo, fupa mpaka fupa: 18
Chifuwa, kuzungulira: 40
Mimba, pamchombo, kuzungulira: 38 (nditakhala pansi 39 ndi hafu)
Matako, kuzungulira: 40
Mkono wautali, kuchokera pansonga ya phewa, pamodzi ndi kafu: 25
Kukula kwa mkono pamwamba pa chigongono: 13
Pamfundo ya dzanja: 7
Kutalika, kumbuyo, kuchokera pansi pa kolala: 28 ndi hafu
Ndi ongovala pamwamba, osapisira. Akhale ogwira pang'ono koma ndizitha kukhala pansi. Shati imene imandikhala bwino, nditaiyala, kukhwapa mpaka kukhwapa ndi 22. Nsalu muiviike kaye.

Anatumizanso zithunzi ziwiri, chakutsogolo ndi chammbali, ataima mowongoka. Mzere wa shati yakale uja ndi umene ndimaukonda kwambiri. Umandiuza mpata umene munthuyo anazolowera: thupi 40, malaya 44, ndiye amakonda mainchesi 4. Umagwiranso ntchito ya mlonda, chifukwa nambala ya thupi ikanakhala yolakwika, ziwirizi sizikanagwirizana. Matako alipo chifukwa mpendero wa malaya umathera pamenepo, ndipo ukachepa malaya amakwera n'kukhwinyata m'chiuno. Khosi amayeza pamunsi pomwe kolala imakhala, telala n'kuonjezera theka la inchi, mpata woti zala ziwiri zilowe batani litamangidwa. Zilembo za L kapena XL musadalire, kampani iliyonse ili ndi L wake.

Chotsala ndi mbali ya telala. Mupempheni kuti asanadule akubwezereni manambala a malaya omalizidwa. Ine ndinayankha kuti: "Ndamva alamu. Malaya atuluka chifuwa 44, mimba 42, pansi 44, kolala 16, mkono 25, kutalika 28 ndi hafu. Ndidule?" Iwo anayala shati yawo yakale, n'kuyerekeza, n'kuvomera. Ngati mukutumiza miyezo ya anthu angapo, aliyense akhale ndi uthenga wakewake, dzina pamwamba. Ndipo mukasintha nambala imodzi, tumizaninso uthenga wonse, chifukwa ka "pepani, mkono ndi 24" kamamira pakati pa mauthenga a komiti, telala n'kukopera wakale m'kope lake.

Zimene zingakonzeke ndi zimene sizingakonzeke

Malaya aakulu ali ndi chiyembekezo. Msoko wa m'mbali uli ndi nsalu ziwiri, yakutsogolo ndi yakumbuyo, ndipo misokoyo ndi iwiri, choncho kulowetsa makina ndi inchi imodzi mbali iliyonse kumachotsa mainchesi 4 pa malaya onse. Anthu amaiwala masamu amenewa n'kuuza telala kuti "chotsani mainchesi awiri mbali iliyonse", malaya n'kuchepa ndi 8. Pachifuwa msokowo umayenera kupitirira kulowa mumkono pansi pa khwapa, ndiye mkono nawo umachepa. Ngati unali wokwana kale, kuchepetsa kuli ndi malire. Mkono wautali timamasula kafu, kudula, kubwezera. Kutalika kopitirira timangodula n'kupinda. Mapewa aakulu ndi ntchito yambiri, mikono yonse imachotsedwa n'kudulidwanso, ndipo telala akakuuzani mtengo wina musadabwe.

Malaya aang'ono amadalira nsalu imene yatsala mkati mwa msoko. Tembenuzani muone. Kawirikawiri imakhala theka la inchi kapena kuchepera, ndipo ngati makina a ovaloko, aja osoka m'mphepete mwa nsalu, anadutsapo, anameta ina. Mungapezemo inchi imodzi pa malaya onse, osati zambiri. Kuposa apo timaika kachidutswa kotalika m'mbali zonse ziwiri, kuchokera kukhwapa kufika pansi. Pa chitenje cha maluwa ambiri sikaoneka, pa nsalu yoyera kamakuwa. Mkono waufupi ndi kolala yothina zimafuna kudula zatsopano, ndipo mapewa ochepa amafuna kusintha chidutswa chonse cha kumsana. Zonsezi zimatheka pokhapokha nsalu ilipo, ndipo nsalu ya ukwati ikatha kusitolo yatha. Choncho uzani telala asunge zidutswa mpaka mutayesa malaya, ndiponso ngati akusokera munthu amene sanamuone, asiye nsalu yochulukirapo m'misoko ya m'mbali.

Malaya oyamba aja a alamu anga anapulumuka chifukwa cha mwayi umodzi. Pofuna kutsitsa 48 kufika pa 39, sindinadule zonse m'mbali, ndinasoka madati awiri kumbuyo, timisoko tija totsina nsalu m'chiuno, lililonse lodya inchi imodzi. Nditawamasula, mainchesi awiri anabwerera, chiuno n'kufika 41. M'misoko ya m'mbali ndinatulutsa kota ya inchi pa nsalu iliyonse mwa zinayi zija, n'kupeza inchi ina, 42. Pachifuwa ndinalowetsa inchi imodzi mbali iliyonse, kuyambira mumkono, kudutsa kukhwapa, kukathera pamwamba pa mimba, 48 n'kutsika kufika 44. Timabowo ta singano pomwe panali madati tinatsekeka nditanyowetsa nsalu n'kusita. Ndinamaliza Lachisanu usiku ndi tochi ya foni chifukwa magetsi anali atazima, alamu atakhala pabenchi ndi vesiti yokha akudikira kuyesa kachitatu.